Kupeza sekondi imene filimu yasinthira nkhani

Ndikapatsidwa chigawo cha filimu kuti ndichisanthule, sindiyambira pa funso loti chikutanthauza chiyani. Ndimafuna ndipeze kaye malo amene kamera, mitundu kapena phokoso zasiya chizolowezi chimene zinayamba nacho, chifukwa tanthauzo limakonda kubisala pamenepo.

Ndisanayambe ndimazimitsa chilichonse chimene chimafiirizitsa sikirini usiku, apo ayi mitundu indinamiza. Ndimaonetsetsanso kuti chithunzi sichinadulidwe m'mbali kuti chidzaze sikirini, kenaka ndimavala mahedifoni, poti sipika ya foni imameza phokoso lapansipansi.

Tiyerekeze chigawo cha masekondi 144: bambo ndi mwana wawo wamkazi ali patebulo usiku usanagwe, ndipo mwanayo akufuna kuwauza kuti akuchoka pakhomo. Ulendo woyamba ndimangoonera, cholembera chili pansi. Wachiwiri ndimazimitsa mawu n'kuwerenga mashoti. Shoti ndi zimene kamera yaonetsa kuchokera pamene chithunzi chadulidwa kufika pamene chadulidwanso. Pa shoti iliyonse ndimalemba nthawi imene yayambira, amene akuoneka, ndi kuyandikira kwa kamera. Pamene kudula kwachitika mofulumira ndimayenda fulemu imodziimodzi, kutanthauza chithunzi chimodzichimodzi mwa zithunzi zimene zimapanga filimu. Mu pulogalamu yoonerera mafilimu ya VLC ndi batani la E, ndipo mafilimu ambiri amakhala ndi mafulemu 24 pa sekondi.

Tinene kuti ndapeza mashoti 18. Ndikagawa 144 ndi 18, shoti iliyonse ikutenga pafupifupi masekondi 8. Koma shoti ya 13, yoyamba pa 1:34, yatenga masekondi 31. Maso anga amakakamira pamenepo.

Mashoti 12 oyambirira, awiriwa sanasiyane. Poyamba ali m'fulemu imodzi, kenaka kamera ikuyang'ana wina podutsa paphewa la mnzake, moti nkhope ya mwana ikamaoneka, phewa la bambo lili chapakona. Pa shoti ya 13 phewa lija lasowa. Mwana watsala yekha, wakankhidwira kumanzere kwa fulemu, ndipo akuyang'ananso kumanzere komweko. Nthawi zambiri wojambula amasiya mpata kutsogolo kwa nkhope, kumene munthu akuyang'ana. Apa mphuno yake yatsala pang'ono kugunda m'mphepete, mpata wonse uli kunkhongo, khoma lopanda kanthu. Sanatsegule pakamwa, koma kamera yawalekanitsa kale.

Pa mitundu ndimafunsa kaye kumene kuwala kukuchokera. Pamwamba pa tebulo pali babu, kumbuyo kwa mwana kuli windo. Pa muyeso wa mtundu wa kuwala wotchedwa Kelvin, K mwachidule, nyali za tangisiteni zojambulira zimawala pa 3200 K, pamene kuwala kwa masana kumawerengedwa 5600 K. Kamera ikatcheredwa pa muyeso wa pakati pa manambala awiriwa, babu amaoneka wachikasu ndipo windo limaoneka labuluu. Mwana atatsamira patebulo, chikasu chili pankhope pake monga chilili pa bambo ake. Pa shoti ya 13 wayedzamira kumbuyo, chikasu chachoka, tsaya lasanduka labuluu. Ambiri amathamangira kulemba kuti buluu ndi chisoni. Ine ndimakana, chifukwa mtundu sukhala ndi tanthauzo limodzi m'mafilimu onse. M'chigawo chino buluu ndi mtundu wa panja, ndipo umboni wake ndi windo lija. Mwanayo wavala kale kuwala kwa kumene akupita.

Ulendo wachitatu ndimatseka maso n'kumangomvetsera. Apa mpamene ndimamva firiji ikulira chapansipansi kuyambira pachiyambi, phokoso limene khutu linali litazolowera. Pa 1:32 yangoti zii. Ndi masekondi 2 chithunzi chisanadulidwe, kutanthauza kuti khutu lachenjezedwa diso lisanaone. M'bata limenelo mpweya wa mwana ukumveka pafupi kwambiri, ngati maikolofoni yasendera pakhosi pake, pamene mawu a bambo akumveka patali, ali ndi kaphokoso kobwerera ka chipinda, chonsecho akhala patebulo lomwelo.

Koma firiji imatha kungozima yokha, ndiye ndimayesa. Ndimafufuza zigawo zina za m'chipinda chomwecho. Ngati phokosolo limabwera n'kupita mwachisawawa, mfundoyo ndimaitaya. Ngati lazima pokhapo, ndimaisunga.

Polemba, chiganizo chilichonse chimayamba ndi nthawi ndi chimene chikuoneka kapena kumveka, kenaka chimene chachita kwa woonera. Kunena kuti mwana akumva kusungulumwa n'kufotokoza nkhani chabe, wina aliyense anganene atangowerenga zokambirana zawo papepala. Ine ndimalemba kuti pa 1:32 firiji yazima, pa 1:34 phewa la bambo latuluka m'fulemu ndipo chikasu chachoka pankhope, choncho woonera wadziwa kuti mwanayo wapita iye asanalankhule. Mashoti 5 otsalawo, othamanga m'masekondi 19, ndimawapatsa chiganizo chimodzi basi.