Nsanja ya khoma la nyumba yosanja: tsiku limene mchenga wa ku Salima unandidyera

Khoma lathu la nyumba yosanja ku Senga Bay latha popanda munthu kugwa, koma tsiku lathunthu linatayika chifukwa cha kanthu kamene tinakanyozera. Tinaimika nsanamira za bulugamu pamchenga mwachindunji, ndipo madzi amene tinkathirira khoma m'mawa uliwonse anafewetsa pansi mpaka nsanamira ziwiri za mzere wamkati zinatitimira. Tinazindikira pamene thabwa la pamwamba linayamba kugwedera likapondedwa, popeza silinkakhudzanso mtanda wapakati. Amisiri anayi anatsitsa njerwa zonse, nagwetsa mbali yonseyo ya nsanja n'kuyambiranso, ine ndikulipira tsiku limene sipanaikidwe njerwa ngakhale imodzi. Mpaka lero zimandiwawa.

Choncho sinjani pansi kaye, kenako muyale thabwa lochindikala loti nsanamira ziwiri ziimepo, kuti kulemera kumwazike. Kuika njerwa kapena buloko pansi pa nsanamira n'koopsa, chifukwa zimasweka mosachenjeza. Amene mwabwereka mapaipi achitsulo, musalole kuti abwere opanda timbale take tapansi, ndipo thabwalo likufunikabe.

Pomanganso tinaika nsanamira motalikirana mamita osaposa 2, m'mizere iwiri, ndipo mitanda yonyamula matabwa tinaitalikitsa mamita 1.2 okha, chifukwa thabwa la mamilimita 38 limapindika likasenza njerwa pampata waukulu. Ndikumbukenso za matabwa: wogulitsa wina anasakaniza a mamilimita 25 ndi ena a mfundo zikuluzikulu, ndipo ndinawabweza. Yezani lililonse musanalipire. Nsonga ya thabwa isapitirire mtanda ndi masentimita oposa 15, kuopa kuti lingatembenuke munthu akaponda kumapeto, ndipo likhomedwe kapena kumangidwa.

Mitengo yopendekera, imene amisiri amati mabulesi, ndiyo imaletsa nsanja kugwera m'mbali. Tinaikhoma kuchokera pansi pa nsanamira ina kukafika pamwamba pa inzake, mopingasana, kutsogolo konse ndi kumapeto onse awiri, ndipo polumikiza paliponse tinawonjezera waya pamwamba pa misomali, poti bulugamu akamauma amang'ambika n'kusiya msomali uli gwedegwede. Nsanja yonse tinaigwirizitsa kukhoma kudzera m'mawindo pa mamita 4 aliwonse, ndipo mwera utawomba kuchokera kunyanja sinasunthe.

Pamwamba tinayala matabwa anayi mothithikana, tinakhoma mtengo wotchinga pa mita imodzi ndi wina pakati, komanso thabwa loimirira m'mphepete loletsa njerwa kugwera anthu pansi. Makwerero tinawamanga kumtunda kuti asaterereke. M'mawa uliwonse, tisanakweze matope, ndinkayendera nsanamira iliyonse kuona ngati ikadali pathabwa lake, makamaka mbali imene tinathirira madzi dzulo lake.