Modelo yanga ya JSE yatsika kufika pa 52, ndipo vuto linali wotchi ya ku New York

Modelo ija ndinkainyadira mwezi watha, yolosera ngati Top 40, indekisi ya makampani akuluakulu a pa msika wa masheya wa JSE ku Johannesburg, ikwera kapena itsika mawa lake, yabwerera pansi. Inkalondola kupitirira 60 peresenti pa deta yoyesera, ndipo tsopano ikungozungulira pa 52. Sindinasinthe alogorizimu, sindinachotse fitcha ngakhale imodzi. Ndangokonza funso limene ndinkaifunsa, likeji yonse, kutanthauza modelo kuona zinthu zimene zinali zisanadziwike pa nthawi yolosera, n'kutuluka poyera.

Chimene chinandichedwetsa n'choti zonse zimene timakumbutsana nthawi zonse zinali m'malo mwake. Sindinasakanize mizere pogawa deta, ndinagwiritsa ntchito `TimeSeriesSplit` kuti zakale ziphunzitse ndipo zatsopano ziyese. `StandardScaler` inali mkati mwa `Pipeline`, choncho avereji yake inkachokera ku gawo lophunzitsira lokha. Panalibe `center=True` pa `rolling` iliyonse, panalibenso `bfill`. Mukanayang'ana tebulo langa mzere ndi mzere, mukanaona mafitcha a tsiku la lero ndi lebulo ya mawa, monga mmene mabuku amanenera. Koma 60 pa msika waukulu ngati umenewo, ndi mafitcha amene aliyense angawapeze ulere, ndi nambala yofunika kuikayikira. Zikanakhala zoona, anthu a makompyuta akuluakulu akanadya kale ndalama imeneyo ine ndisanayatse laputopu kuno ku Chipata.

Nditayang'ana kuti ndi fitcha iti imene ikunyamula katundu, imodzi inaposa zonse kutalitali: kusintha kwa S&P 500, indekisi ya masheya a ku Amereka, pa tsiku lomwelo. Zinkamveka bwino m'mutu, chifukwa Amereka ikagwa misika ina imatsatira. Ndinalumikiza matebulo awiriwo ndi `merge` pa deti, Lachiwiri la ku Johannesburg ndi Lachiwiri la ku New York pa mzere umodzi. Vuto lili pomwepo, chifukwa Lachiwiri ziwirizi sizitha nthawi imodzi.

Ife ku Zambia tili pa nthawi imodzi ndi Johannesburg, ndiye kuwerenga kwake n'kosavuta. JSE imatsegula 09:00 n'kutseka 17:00. Msika wa ku New York umatsegula 09:30 n'kutseka 16:00 pa wotchi yawo, imene kwa ife ndi 15:30 mpaka 22:00 kuyambira Lamlungu lachiwiri la Malichi kufika Lamlungu loyamba la Novembala, ndipo miyezi yotsalayo ndi 16:30 mpaka 23:00. Iwo amasuntha wotchi kawiri pachaka, ife ndi a ku Joni sitisuntha. Ndiye pamene JSE ikutseka, New York yangogwira ntchito ola limodzi ndi theka, kapena theka la ola chabe, pa maola ake asanu ndi limodzi ndi theka. Nambala ya S&P imene ili pa mzere wa Lachiwiri imadziwika patadutsa maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamene mtengo wotsekera wa JSE wa mzere womwewo unalembedwa.

Lebulo yanga inali ya masiku onse ija: kodi mtengo wotsekera wa mawa uposa wotsekera wa lero? Lebulo yotere imatanthauza kuti mwagula pa mtengo wa 17:00 lero. Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ozungulira. Lachiwiri Top 40 yatseka pa 100. Madzulo, ife tikudya nsima, New York yagwa kwambiri. Lachitatu m'mawa JSE yatsegula pa 98.8, masana yakwera pang'ono n'kutseka pa 99.1. Pa tebulo, modelo inaona S&P yofiira n'kunena kuti mawa kutsika, ndipo 99.1 ndi yochepadi kuposa 100, ndiye yapatsidwa maliki. Koma munthu amene anaona S&P yofiirayo anaiona 22:00, msika wa ku Johannesburg utatsekedwa. Mtengo woyamba umene akanagulitsa nawo ndi 98.8, ndipo kuchoka pamenepo msika unakwera. Akanatsatira modelo akanaluza, pa tsiku lomwe bakitesti ikuti anawina. Zili ngati mwana wa Giredi 12 amene wakhoza bwino chifukwa pepala analiona dzulo usiku.

`TimeSeriesSplit` singagwire zimenezi ngakhale mutaika zigawo zingati, chifukwa imangoonetsetsa kuti mizere ili m'ndondomeko. Likeji iyi ili mkati mwa mzere umodzi, pakati pa kolamu ndi kolamu inzake, ndipo imapezeka mofanana m'gawo lophunzitsira ndi loyesera. N'chifukwa chake zigawo zonse zinkagwirizana bwinobwino, zomwe zinkandilimbitsa mtima pachabe.

Njira imene inaulula nkhaniyi ndi yaifupi, ndipo ndikanakonda aliyense wosakaniza misika ya maiko osiyana aziyamba nayo. Dulani kusintha kwa mawa pawiri, mbali ya usiku ndi mbali ya masana:

```python
usiku  = df["open"].shift(-1) / df["close"] - 1
masana = df["close"].shift(-1) / df["open"].shift(-1) - 1
```

Kenako yerekezani zimene modelo inalosera ndi mbali iliyonse payokha. Kwa ine, nzeru zonse za modelo zinali pa `usiku`. Pa `masana` inkangokhala ngati ikuponya khobidi. Mpata wa usiku ndi umene simungaugwire ngati chizindikiro chanu chikubwera 22:00, ndiye phindu lonse la bakitesti linali pamalo pamene dzanja silifika.

Pali njira ziwiri zokonzera, ndipo zimadalira nthawi imene mukufuna kupanga chosankha. Ngati mukufuna kulowa pa 17:00, S&P iyenera kubwerera mmbuyo tsiku lina ndi `shift(1)`, kuti mzere wa Lachiwiri ukhale ndi New York ya Lolemba. Imeneyo JSE inaimva kale m'mawa wa Lachiwiri, ndiye musadabwe fitchayo ikafa. Ine ndinasankha yachiwiri: chosankha ndimapanga m'mawa msika usanatsegule, S&P ya usiku ndi yololedwa, koma lebulo iyambire pa mtengo wotsegulira.

```python
df["y"] = (df["close"].shift(-1) > df["open"].shift(-1)).astype(int)
df = df.iloc[:-1]
```

Mzere wachiwiriwo musausiye. Tsiku lomaliza lilibe mawa, `NaN > NaN` imapereka `False`, ndipo `astype(int)` imaisandutsa 0 mwakachetechete, ngati kuti msika unatsikadi.

Apa panabukanso kena. Mtengo wotsegulira wa indekisi si mtengo umene munthu angagule nawo. Pa sekondi yoyamba masheya ena amakhala asanagulitsidwe, ndipo indekisi ikhoza kuwerengedwa ndi mitengo yawo yadzulo, choncho mbali ina ya mpata wa usiku imazembera m'masana n'kubwezeretsa likeji ija pang'ono. Pa fayilo ina yaulere imene ndinali nayo, masiku ambiri `open` inali yofanana ndendende ndi `close` yadzulo, kutanthauza kuti lebulo yatsopanoyo inali yakale yomwe ija itangovala malaya ena. Yesani `(df["open"] == df["close"].shift(1)).mean()` pa deta yanu musanaikhulupirire. Ndinasamukira ku mitengo ya Satrix 40, imene imagulitsidwa pa JSE ngati sheya wamba, kuti mtengo wotsegulira ukhale wa malonda enieni.

Ndasiyanso kulumikiza pa deti. Gwero lililonse tsopano lili ndi kolamu ya nthawi imene nambalayo inadziwika, mu UTC, ndipo mzere uliwonse wa JSE uli ndi nthawi yosankha, 08:45 ya kuno pa tsiku la msika lotsatira. Ndimalumikiza ndi `pd.merge_asof` ndi `direction="backward"`, matebulo onse atasanjidwa pa nthawi, kuti mzere utenge chinthu chomaliza chimene chinali chitadziwika kale. Zimenezi zathetsanso mutu wa maholide. Pa 4 Julayi New York imatseka pomwe JSE ikugwira ntchito, pa 27 Epulo ndi a ku Joni amene amapuma, ndipo `merge` wamba imataya mizere imeneyi kapena kusiya mabowo amene munthu amakopeka kuwatseka molakwika. Nthawi ya New York muisinthe ndi `tz_localize("America/New_York")` kenako `tz_convert("UTC")`, osati kungowonjezera maola asanu ndi limodzi pamanja kuti mufike pa nthawi ya kuno, chifukwa miyezi ina ndi asanu ndi awiri.

Za `gap` ya mu `TimeSeriesSplit` anthu amaikamba kwambiri, koma pa lebulo ya tsiku limodzi siisintha zambiri: yankho la mzere womaliza wophunzitsira limakhala litadziwika pofika nthawi yosankha ya mzere woyamba woyesera. Imafunika mukatalikitsa lebulo kufika masiku asanu, chifukwa malebulo a mizere yomaliza amalowa m'masiku oyesera, ndipo pamenepo ine ndimaika `gap=5` n'kuiwala.

Nanga 52 ija ndi kanthu? Ndikukayika. Masiku oyesera ndili nawo pafupifupi 500, zomwe ndi zaka ziwiri za msika. Khobidi loponyedwa ka 500 limasokera ndi `sqrt(0.5*0.5/500)`, pafupifupi 2.2 peresenti, ndiye chilichonse pakati pa 46 ndi 54 chikhoza kubwera mwamwayi chabe. Ndipo choyerekezera chenicheni si 50, koma modelo yopusa imene imangonena mbali imene inachuluka m'gawo lophunzitsira. Pamwamba pa izo sindinachotse ndalama za bulokala ndi mpata wa pakati pa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Gawo loyeseralo ndaliyang'ananso kambirimbiri pofufuza vutoli, moti silinganditsimikizirenso kanthu. Miyezi yaposachedwa ndaitsekera m'fayilo ina imene sinditsegula mpaka mafitcha nditamaliza.

Ena mwandifunsapo chifukwa chake sindichita izi pa LuSE yathu, msika wa masheya wa ku Lusaka. Ndinayamba nayo chaka chatha, ndipo vuto lake ndi lina: masheya ambiri amatha masiku osagulitsidwa, mtengo uli pomwepo, ndiye lebulo ya kukwera kapena kutsika imadzaza ndi masiku opanda kanthu. Modelo yonena kuti mawa sikukwera imaoneka yanzeru koopsa popanda kuphunzira chilichonse.  

Chotsatira ndikufuna mitengo ya ola ndi ola, kuti nditenge kusintha kwa New York kuyambira 17:00 ya kuno mpaka kutseka kokha, osati tsiku lonse, n'kuwonjezera misika ya ku Asia imene imakhala itagwira kale ntchito ife tikudzuka. Zikatheka ndiyesenso kopa ya ku London ndi kwacha yathu, ngakhale ndiyenera kuyamba ndapeza kuti mtengo wa kwacha wa tsiku umatuluka ola lanji kwenikweni. Mwina ndiikanso kakompyuta kakang'ono kuti kazilemba kulosera kwake 08:45 tsiku lililonse chaka chonse, ngati bandulo ilola.