Baji imanena zaka, maonekedwe amanena singano

Pa zomwe ndaphunzira chiyambire ntchito yokonza mashini osokera kuno ku Ngabu, chimene chandithandiza kwambiri ndi kudziwa poyang'ana munthu akabwera ndi mashini akale. Kuno sipeya sapezeka pafupi. Singano wamba ungamupeze kwa Nchalo kapena pa Bangula, koma shatulo yoyenera kapena lamba wabwino nthawi zambiri zimafuna munthu akwere mtunda wa Thabwa mpaka ku Limbe. Ukagula cholakwika, thiransipoti yapita pachabe. N'chifukwa chake aphunzitsi anga salola kuti tilembe dzina la sipeya tisanawazindikire bwino mashiniwo.

Poyamba amationetsa mutu wa mashini, baji imabwera pambuyo. Mashini ambiri akuda opalasa ndi phazi omwe ali m'makonde mwa matelala ndi a banja limodzi, la Singer 15. Banjali umalidziwa ndi zinthu ziwiri. Kachitsulo kothinira ulusi wapamwamba kamakhala pa chivundikiro cha kumapeto kwa mutu, kumanzere, osati kutsogolo koyang'anana ndi wosoka. Bobini nayo ndi yozungulira, imakhala mu shatulo yake yomwe umailowetsa cham'mbali pansi pa tebulo. Kothinira kakakhala kutsogolo ndipo bobini n'kumangoiponya kuchokera pamwamba, nthawi zambiri amenewo ndi a Singer 66 kapena 99. Ukaona timbale tiwiri titalititali totsetsereka pa bedi, pamalo aphwatalala pomwe nsalu imadutsa, ndi bobini yaitali yowonda, ndi a 27, 28, 127 kapena 128. Butterfly ya ku China ndi mashini ambiri a ku Japan opangidwa nkhondo yachiwiri itatha anatengera Singer 15, motero dzina likafufutika thupi limanenabe banja lake.

Mayi wina wochokera cha ku Sorgin anabweretsa mutu wa mashini womwe anasiya malemu bambo awo. Amadumphitsa ulusi, shatulo yomwe anagula imakana kukhala, ndipo lamba anaduka kalekale. Malemba agolide pa mkono anali atatheratu. Aphunzitsi anandipatsa kansalu ka palafini n'kunena kuti, "Pukuta pa mzati ndi pa bedi, kenako undiuze zomwe ukuona."

Pa mzati wakumanja panatuluka baji yamkuwa yobulungira ngati dzira. Pakati pake pali shatulo, singano ziwiri zopingasana ndi ulusi wopindika ngati S. Koma iyi inali ndi mkombero wabuluu wolembedwa A Century of Sewing Service 1851-1951. Baji yotere kampani ya Singer inaiika pa mashini pokumbukira zaka 100 chiyambire, ndiye zaka za mashiniwo zinadziwika pomwepo. Pansi pa mzati, pa bedi kutsogolo chakumanja, panali nambala yokhomedwa m'chitsulo yoyamba ndi EG. Manambala a Singer asanafike 1900 analibe chilembo. Oyamba ndi Y, komanso a zilembo ziwiri zoyamba ndi E omwe anayamba mu 1935, ndi a fakitale ya ku Clydebank ku Scotland, yomwe inatsekedwa mu 1980. EG imagwera mu 1950 ndi 1951. Apa baji ndi nambala zinagwirizana, ndipo kugwirizana kumeneku n'kofunika, chifukwa baji imangokhomedwa ndi timisomali tiwiri, munthu akhoza kuichotsa pa mashini ena n'kuiika pa ena. Nambala ya m'chitsulo njovuta kuinamiza.

Ndinasangalala kupeza chakacho, koma aphunzitsi anandifunsa ngati chaka chokhacho chingandiuze singano yogula. Sichingatero. Mu 1951 fakitale yomweyo inkapanga mitundu ingapo ya mashini. Tinabwereranso ku maonekedwe.

Kothinira ulusi kanali kumapeto, ndiye banja la 15. Singano yake ndi ija yapakhomo yokhala ndi mbali imodzi yaphwatalala kumtunda kwake. Pa paketi imalembedwa 15x1, 130/705H, HAx1 kapena 2020, ndipo onsewa ndi mayina a singano imodzi. Manambala ena aja, monga 90/14 kapena 100/16, amanena kunenepa kwa singano basi. Wogulitsa ukangomuuza kuti 16 akhoza kukupatsa DBx1, singano ya mashini a m'fakitale, yomwe kumtunda kwake n'kozungulira konse ndiponso n'kowonda. Imalowa ndithu, koma imakhala patali ndi mbedza yokola ulusi, ulusi n'kumadumpha.

Chomwe chinandiphunzitsa kwambiri n'chakuti m'banja la 15 lomwelo muli magulu awiri. Shatulo ili ndi kachala kotulukira m'mwamba komwe kamalowa pa kampata. Pa Singer 15 zakale ndi pa Butterfly zomwe tazolowera, kachalako kamaloza pomwe pali 1 koloko pa wotchi. Pa 15K88 ndi anzake a 90 ndi 91 kamaloza pa 11 koloko. Nditasuzumira pansi ndi tochi, kampata ka mashini a mayiwo kanali pa 11. Shatulo yomwe anagula inali ya 1 koloko, n'chifukwa chake imakana. Kusiyanaku kumafikanso pa singano. Pa mashini a 1 koloko mbali yaphwatalala imayang'ana kumanja ndipo ulusi umalowa kuchokera kumanzere. Pa a 11 koloko imayang'ana kumanzere, ulusi n'kulowa kuchokera kumanja. Mayiwo anaphunzira kusoka pa Butterfly, ndiye amaika singano monga anazolowera. Posafuna kuloweza zonsezi, aphunzitsi anandionetsa kangalande kakatali komwe kali pa singano: kamayang'ana mbali yomwe kuli kawaya komaliza kotsogolera ulusi pamwamba pa singano. Titaitembenuza n'kuyesa ndi shatulo ya 11 koloko ya m'bokosi lathu, msoko unatuluka wosadumpha.

"Mayi, mashiniwa ngabwinobwino," anatero aphunzitsi. "Mukapita kogula, mukatenge shatulo yathuyi ngati chitsanzo, mukabweze pobwera."

Za lamba zimaoneka pa gudumu la dzanja. La mashiniwa linali lalikulu la masipoko, lokhala ndi ngalande yozungulira, ndiye ndi opalasa. Amafuna lamba wachikopa wozungulira wonenepa pafupifupi mamilimita 5, yemwe amagulitsidwa wotalika masentimita 183 ndi kawaya kolumikizira. Utali umenewu ngwadala, mwini amadula malinga ndi tebulo lake. Umamudutsa pa gudumu lapamwamba, m'mabowo a tebulo ndi pa gudumu lalikulu lapansi, n'kukumanitsa nsonga ziwirizo mokoka pang'ono. Pomwe zapitirirana umaikapo chizindikiro, kudula, kuboola ndi kamsomali pakati penipeni pafupifupi mamilimita 6 kuchokera kunsonga, kulowetsa kawaya n'kukapinda ndi pulayala. Bowo likapendekera m'mbali chikopa chimang'ambika msanga. Ndi bwino kudula mosiyako pang'ono, popeza wotalika umamuchepetsa koma wamfupi watayika. Lamba watsopano amatamuka pakapita masabata angapo, ndipo ukamva phazi likupalasa koma singano ikuzengereza pa nsalu yokhuthala, umachotsako sentimita imodzi n'kuboolanso. Wothina kwambiri amalemetsa phazi n'kudya zitsulo. Ndi kutentha kwa kuno m'Okutobala chikopa chimauma n'kuchita ming'alu, makamaka mashini akamakhala padzuwa pakhonde, ndiye madzulo timamutsitsa pa gudumu kuti apume.

Pa pepala lomwe mayiwo anatenga ndinalembapo singano HAx1 za 90/14 ndi 100/16, shatulo ya 15 ya 11 koloko, mabobini a 15, ndi lamba wachikopa wa mamilimita 5. Pansi pake ndinajambulapo singano, mbali yaphwatalala itayang'ana kumanzere.