Funso la odwala anayi lomwe linandizunguza masabata atatu

Usiku wa Lachiwiri, magetsi atathima kuno ku Mtendere, ndinakhala pa mphasa ndi tochi ya foni n'kuyankha mafunso makumi awiri aja oti "namwino ayambe ndi wodwala uti". Ndinakhoza 17. Mwezi watha, pa mafunso a mtundu womwewo, ndinkangozungulira pa 9 kapena 10. Ndinapumira m'mwamba chifukwa mayeso a laisensi a bungwe la anamwino ndi azamba, NMCZ, ayandikira, ndipo gawo limeneli ndi lomwe linkandisowetsa tulo.

Za ABC sindikamba zambiri, tonse tinaziloweza chaka choyamba: njira ya mpweya, kupuma, kayendedwe ka magazi. Ine vuto langa linali loti ndinkagwiritsa ntchito ABC ngati nyambo. Ndikangoona mawu oti mapapo kapena okosijeni pa yankho lina, basi ndachonga pomwepo.

Funso lomwe linanditsegula maso linali lotere. Mwangolandira wodi m'mawa ndipo muli ndi odwala anayi. Woyamba ndi bambo a zaka 68 a matenda a m'mapapo a mgonagona aja a COPD, makina akuonetsa kuti okosijeni wa m'magazi, SpO2, ali pa 89%, iwo akumwa phala n'kumacheza ndi owadikirira. Wachiwiri ndi mayi amene anachitidwa opaleshoni ya chithokomiro maola asanu apitawo. Akuti bandeji ya pakhosi ikuwathina, malovu akuvuta kumeza, ndipo akungotembenukatembenuka pabedi, koma SpO2 yawo ndi 96%. Wachitatu ndi mnyamata amene anamuchotsa apendikisi dzulo, akubuula, akuti ululu uli pa 8 mwa 10. Wachinayi ndi agogo a shuga, muyeso wawo uli pa 15 mmol/L, akuyankhula bwinobwino, akudikira insulini yawo.

Ine ndinasankha bambo a COPD. Nanga 89 si yochepa kuposa 96? Yankho linali mayi a chithokomiro, ndipo ndinakwiya. Ndinalibwereza funsoli katatu pa masiku osiyana, mtima ukukanabe.

Amene anandimasulira ndi asisita ena achikulire omwe timapemphera nawo, anapuma pa ntchito kalekale. Titatuluka m'tchalitchi ndinawaonetsa funsolo pa foni. Anavala magalasi, anawerenga mofatsa, kenako anandifunsa kuti, "Mwanawe, mwa anthu anayiwa, ndani amene ali ndi chinthu chimene sunachiyembekezere?"

Apo ndi pomwe zinalowa. Bambo aja akhala ndi mapapo otero kwa zaka zambiri. Kwa wodwala wa COPD timafuna okosijeni akhale pakati pa 88 ndi 92, ndiye 89 ali pamalo pake, komanso munthu amene akumwa phala uku akucheza sakubanika. Mnyamata wa apendikisi akumva ululu weniweni ndipo ayenera kulandira mankhwala msanga, koma ululu tsiku lotsatira opaleshoni timauyembekezera. Shuga wa 15 ndi wokwera, koma kwa munthu amene ali maso ndipo akuyankhula, mphindi khumi sizisintha kanthu. Mayi aja okha ndi amene ali ndi chachilendo. Bandeji siyamba kuthina yokha. Ikathina ndiye kuti khosi likutupa, ndipo pa maola oyambirira opaleshoni ya chithokomiro itachitika, choyamba kuganizira ndi magazi amene akuunjikana mkati mwa bala n'kumapanikiza kholingo. Nambala ya 96 ndi yomwe imapusitsa. Okosijeni wa m'magazi amatsika mochedwa, njira ya mpweya itaphinjika kale. Kusakhazikika kuja, kuvuta kumeza, mawu kusintha, zimenezi zimabwera nambala isanagwe. Ukadikira kuti makina alire, kapena kuti umve kaphokoso kolira ngati mluzu pokoka mpweya, wachedwa.

Ndiye choyamba kuchita n'kupita kwa mayiwo ndipo osawasiyanso okha. Kuwadzutsa akhale tsonga, kuyang'ana khosi ndi bala, kupisa dzanja kuseri kwa khosi chifukwa magazi amatsetserekera kumeneko pamene bandeji ya kutsogolo ikuoneka youma, kuika okosijeni, n'kutuma wina aitane dokotala mwachangu. N'chifukwa chakenso zida zochotsera ulusi kapena timawaya ta pabala zimakhala pafupi ndi bedi la wodwala wotere. Kale ndinkangoloweza kuti zizikhalapo, osamvetsa kuti n'zotsegulira bala kuti magazi atuluke khosi lisanatsekeke.

Kuyambira tsiku limenelo, pa wodwala aliyense wa m'funso ndimalemba pambali kuti "choyembekezeka" kapena "chachilendo", kenako ndimadzifunsa kuti ndikamusiya mphindi khumi ndidzamupeza ali bwanji. Njira imeneyi ndimaikhulupirira kwambiri moti ndikuona ngati ingayankhe mafunso ambiri a gawoli. Ndauza anzanga onse a m'gulu lathu lowerengera kuti asiye kaye matebulo oloweza aja ayese iyi.

Chimene chimandipweteka n'choti zaka zitatu zonse za kusukulu palibe mphunzitsi anatiuza zimenezi m'mawu osavuta chonchi. Tinkakopera manotsi mpaka dzanja kuuma, matenda aliwonse paokha, zizindikiro, mankhwala, chisamaliro. Koma kuika odwala anayi pamodzi n'kufunsa kuti uyamba ndi uti, zinachitika mwina kawiri, kothamanga, temu ikutha. Ukafunsa chifukwa chake ankangoti "ABC, pitirizani". Ndikudziwa kuti m'kalasi tinalimo ambiri ndipo nthawi inali yochepa, komabe masabata atatu amene ndataya pa funso limodzi akanakhala ola limodzi. Panopa ndimawerenga m'minibasi popita m'tauni, buku lili pa maondo, kondakitala akukuwa.

China chomwe chinandigwetsa kangapo ndi lamulo loti yamba wapima usanachite kanthu. Ndinkaliona ngati losasweka. Kenako panabwera funso ili: wodwala akulandira magazi, patha mphindi khumi chiyambire, wayamba kunjenjemera, akuti msana ukuwawa cha m'munsi, thupi latentha. Mayankho anali kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kutentha, kuitana dokotala, kuimitsa magaziwo, kapena kupereka panado. Ndinachonga kuyeza. Yankho ndi kuimitsa magazi. Funsolo lakupatsa kale zomwe kupima kukanakupatsa, ndipo chimene chikumuvulaza munthuyo chikudontherabe mu mtsempha pamene iwe ukumanga makina pa mkono. Ngati magazi ndi osagwirizana ndi ake, ngakhale ochepa amawononga. Umatseka kaye, n'kusunga mtsempha wotsegula ndi diripi ya selaini pa chubu chatsopano, chifukwa chakale chija mudakali magazi omwewo. Ukatero ndiye uyeze, uitane dokotala, utsimikizenso dzina la wodwala ndi zolembedwa pa thumba, ndipo thumbalo ndi chubu chake zibwerere ku labu. Ndiye kupima kumatsogola ngati sukudziwa chimene chikuchitika. Ngati chadziwika kale ndipo ukhoza kuchiletsa ndi dzanja lako pompo, umaletsa.

Mwa atatu amene ndinalakwa Lachiwiri, limodzi likundivutabe. Mtsikana wa mphumu amene chifuwa chake chinkalira kwambiri tsopano changoti zii, watopa, sakutha kumaliza mawu. Bedi lina, bambo ochokera ku opaleshoni, bandeji yanyowa magazi, mtima ukugunda 130, kuthamanga kwa magazi 80/50. Onse awiri ndi achilendo, onse sangadikire mphindi khumi. Ine ndinasankha bambowo, buku linasankha mtsikanayo chifukwa kupuma kumatsogola, ndipo chifuwa cha mphumu chikakhala chete ndiye kuti mpweya sukuyenda. Ndikumva ndithu. Koma pa maphunziro a ngozi anatiuza kuti magazi otuluka mwamphamvu amatsekedwa kaye njira ya mpweya isanayang'anidwe. Kodi bandeji yonyowa ija yafika pamenepo? Pa pepala ndichonga mtsikana. Pa wodi, usiku, ndili ndekha ndi wophunzira mmodzi, sindikudziwa kuti miyendo yanga ingalowere bedi liti. Lamlungu ndikawafunsanso asisita.