Uvuni wa Tamanda ndi wa ndani?

Sabata yathayi m'phunziro la malamulo a bizinesi anatipatsa ntchito yolembera anthu awiri ongopeka chikalata cha mgwirizano wotsegulira bekare. Chikondi wabwera ndi K6,000,000 yogulira ufa wa tirigu, shuga, yisiti ndi kulipira lendi. Tamanda wabwera ndi uvuni wake wa K2,000,000, ndipo ndi iye adzadzuke usiku kukanda ufa pomwe mnzake ali ku ntchito yake ya muofesi.

Ine ndinathamangira masamu. Mpamba wonse ndi K8,000,000, choncho Chikondi atenge magawo 3, Tamanda gawo 1. Pepala linabwerako ndi funso limodzi la inki yofiira: "Nanga thukuta la Tamanda walilemba pati?"

Pamenepo ndi pomwe ndinamvetsa zimene ndinkangoloweza. Pakapanda chikalata, lamulo limagawa phindu mofanana osayang'ana amene anaika zambiri, ndipo silipereka malipiro kwa mwini mgwirizano ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku. Pa phindu la K1,000,000 pamwezi, aliyense akanatenga K500,000, Chikondi n'kumadandaula. Ndi njira yanga ija Tamanda akanapeza K250,000 yokha, manja atapsa ndi malata a buledi. Nditakonza, ndinayamba ndachotsa K200,000 ya malipiro a Tamanda, yotsalayo n'kuigawa monga mwa mpamba: Chikondi K600,000, Tamanda K200,000, zomwe pamodzi ndi malipiro aja zikukwana K400,000.

Za ulamuliro sindinavutike nazo kwambiri. Pa anthu awiri palibe zoti ambiri apambana, ndiye ndinalemba kuti za buledi ndi masikono atsiku ndi tsiku agamule Tamanda, koma chilichonse choposa K300,000, kapena kutenga ngongole, asayine onse. Akakanika kumvana, apite kwa mkhalapakati amene amutchuliratu m'chikalatacho. Chondiopsa n'chakuti Tamanda akakongola matumba a ufa m'dzina la bekare, wogulitsa amene sakudziwa za malirewa angathe kulondola Chikondi mpaka pa katundu wa kunyumba kwake.

Chimene chinandigoneka mochedwa ndi uvuni uja. Ngati walowa monga mpamba, si wa Tamanda yekhanso. Tsiku lochoka sangabwere ndi lole kudzaunyamula. Ngati wangoubwereketsa, ndiye kuti mpamba alibe, ndipo magawo anga aja agwa. Ndinasankha kuti ulowe monga mpamba. Wofuna kuchoka adziwitse mnzake polemba kalata kutatsala miyezi 3 kuti achoke, wowerengera ndalama wapadera ayike mtengo pa gawo lake poganizira kuti uvuni wakalamba, ndipo wotsalayo akhale woyamba kuligula, kulipira pang'onopang'ono kwa miyezi 12 kuti ndalama ya ufa isaphwe.

Za imfa ndinaziiwaliratu, mwina poopa kulodza anthu anga ongopekawo. Chonsecho popanda ndime imeneyo mgwirizano umatha mmodzi akamwalira. Apa anandidula mamalikisi 4.