Chimene anagwirizana pa nkhani ya makatoni

Sabata ino ntchito yanga yaikulu inali imodzi: kumvetsera mawu ojambulidwa a zokambirana zapakati pa kampani yathu, yomwe ikugula makatoni oikamo katundu, ndi kampani yowapanga, kenako kulemba chidule cha tsamba limodzi choti abwana awerenge asanasaine mgwirizano. Zokambiranazo zinatenga pafupifupi ola ndi theka, ndipo kumayambiriro kwake mbali zonse zinamveka zikuvomera kuti zijambulidwe. Zimenezi ndimayamba ndatsimikiza ndisanalembe chilichonse.

Lolemba ndinangomvetsera mpaka kumapeto, osalemba. Ukamalemba ulendo woyamba womwewo, nambala iliyonse imene wamva imaoneka ngati yomaliza, chonsecho ponenerera anthu amatchula nambala zambiri zongoyesera mnzawo.

Lachiwiri ndinabwereza, uku ndikulemba pomwe mbali iliyonse inayambira. Ife timafuna makatoni 20,000, mtengo utsike ndi 10 peresenti, tilipire pakatha masiku 60, katundu afike m'masabata 4. Ogulitsa anayamba ndi mtengo wawo wanthawi zonse, kulipira m'masiku 30, katundu m'masabata 6, ndipo thiransipoti ikhale yathu. Popanda zoyambirazi sungadziwe amene walolera chiyani, chifukwa kulolera kumayezedwa kuchokera pomwe munthu anaima poyamba.

Povuta panali pa mphindi 38. Apo woimira ogulitsa anati akhoza kutsitsa ndi 6 peresenti ngati oda itakwera kufika makatoni 30,000. Mnzathu wa ku ofesi yogula zinthu anayankha kuti malo osungira makatoni ochuluka chotero tilibe, nkhani n'kupita kwina. Koma patapita nthawi mnzathu yemweyo anatchulanso 6 peresenti ija ngati yogwirizana kale, ndipo wogulitsa sanamutsutse pomwepo, anali kalikiliki kufotokoza za masiku olipirira. Womvetsera mothamanga akhoza kulemba 6. Ine sindinatero, popeza kutsitsa kumeneko kunali ndi "ngati" wake, ndipo titakana oda yaikulu, nako kunagwa. Kukhala chete kwa wogulitsa si kuvomera. Umboni unabwera pa mphindi 71, pomwe ananena momveka kuti pa makatoni 20,000 sangapitirire 4 peresenti, mnzathu n'kuyankha kuti chabwino, tatenga.

N'chifukwa chake pa mfundo iliyonse ndimalemba amene wainena, mphindi yake, chimene akufuna posinthana nayo, ndiponso ngati mbali inayo yavomera ndi pakamwa. "Tikaganizira" ndi "ndikafunse kaye abwana" ndimaziika kwa zosatha, ngakhale munthuyo atazinena mosangalala bwanji.

Lachitatu ndinaika pamodzi zimene aliyense analolera. Ogulitsa anatsitsa mtengo ndi 4 peresenti, anawonjezera masiku olipirira kuchoka pa 30 kufika pa 45, ndipo anavomera kubweretsa makatoni 12,000 m'masabata 4, otsala 8,000 m'masabata 6. Thiransipoti ya ulendo woyamba analola kulipira okha. Ifeyo tinasiya 10 peresenti ija, tinatsika kuchoka pa masiku 60, tinalola katundu kubwera maulendo awiri, ndipo ulendo wachiwiri tidzalipira tokha. Masiku 45 aja ndinawalemba mbali zonse ziwiri, chifukwa aliyense anasuntha ndi masiku 15. Chidule chongoonetsa zomwe ife tapindula chimasangalatsa abwana, koma ogulitsa akachiona amachikana, nkhani n'kuyambiranso.

Lachinayi ndinamvetseranso pamene amakamba za kulipira, ndipo ndinapeza kuti palibe amene ananena tsiku loyambira kuwerenga masiku 45. Kodi ndi tsiku lolemba invoisi kapena tsiku lolandira katundu? Pamenepa pali kusiyana kwenikweni. Ogulitsa akalemba invoisi imodzi ya oda yonse pa ulendo woyamba, masiku olipirira makatoni 8,000 aja adzayamba kuwerengedwa masabata awiri katunduyo asanafike. Mnzathu anandiuza kuti iye amatanthauza tsiku lolandira, ndipo ndikumukhulupirira, koma chidule chimanena zimene zinamveka, osati zimene munthu anali nazo mumtima. Ndinalemba kuti mfundoyi sinathe. Pomwepo ndinaikaponso nkhani ya makatoni ofika atawonongeka: wogulitsa anati akafunsa kwawo ngati angawasinthe kwaulere, ndipo sinatchulidwenso.

Lachisanu m'mawa ndinapereka tsambalo kwa abwana. Anayang'ana mzere wa mtengo n'kufunsa kuti, "Nanga 6 peresenti ndinamva ija ili kuti?"

"Bwana, imeneyo inali ya makatoni 30,000. Mumve nokha pa mphindi 38 ndi 71."

Atamvetsera, anandiuza kuti nditumize chidulecho kwa ogulitsa kuti atsimikize polemba, komanso ayankhe za tsiku loyambira kuwerenga ndi za makatoni owonongeka. Mgwirizano sulembedwa mpaka mayankho awiriwo atabwera.