Katundu anachedwa masabata 7: kalata yomwe ndinalembera kampani ya ku Joni

Masipuleya anga 400 anafika ku Limbe pa 10 Januwale, chimanga chili m'mawondo. Aliyense wogulitsa zipangizo zaulimi amadziwa kuti sipuleya imayenda malonda mvula ikangoyamba, alimi akamapopera mankhwala opha udzu. Ikafika pambuyo pake, umangodikira a mbozi ndi a m'madimba. Ndinaitanitsa ku kampani ina ya ku Johannesburg masipuleya a malita 16, iliyonse pa marandi 310, onse pamodzi marandi 124,000. Theka ndinalipira poyamba ngati dipoziti, theka linalo linali loti ndilipire pakatha masiku 30 katundu atafika.

Kalata yoyamba ndinailemba usiku womwewo ndipo inadzaza masamba atatu. Munali phindu lomwe ndinataya, makasitomala omwe anathawira kwa anzanga, ndi mabodza onse omwe mnyamata wawo wa zamalonda ankanditumizira pa WhatsApp. Kutacha ndinaionetsa kwa bambo amene amandiombolera katundu ku kasitomu. Anaiwerenga ataimirira, n'kundibwezera.

"Mayi, apa mwangolira maliro. Tsiku lomwe anakulonjezani lalembedwa pa pepala liti?"

Ndinalibe yankho lachangu, ndipo kuyambira pamenepo ntchito inasanduka yofufuza mapepala. Pa WhatsApp mnyamata uja ankati katundu afika "kumayambiriro kwa Novembala", koma mawu otere sawerengeka masiku. Tsiku lenileni linali pa chikalata chomwe kampani inatumiza povomereza oda yanga. Chinkati katundu adzafika pasanathe masiku 28 kuchokera pomwe dipoziti yalowa mu akaunti yawo. Ine mumtima ndinkawerenga kuchokera pa 14 Okutobala, tsiku lomwe ndinasaina mafomu kubanki. Koma ndalama zakunja sizipezeka tsiku lomwe wazipempha, ndipo nditapempha kubanki umboni wa kutumiza ndalama, womwe amautcha MT103, unaonetsa 18 Okutobala. Masiku 28 kuchokera pamenepo akuthera pa 15 Novembala. Ndikanalemba tsiku langa lija, akanayankha pongokonza cholakwika changacho n'kusiya nkhani yeniyeni.

Chachiwiri chinali zilembo zitatu pa invoisi, zomwe kale ndinkangozidumpha: DAP Blantyre. Awa ndi ena mwa malamulo a Incoterms 2020, omwe amanena pamene udindo wa wogulitsa umathera. Pa DAP wogulitsa ayenera kufikitsa katundu pamalo omwe atchulidwawo, ndipo thiraki ndi zonse za m'njira ndi zake. Wogula udindo wake ndi kuombola katundu ku kasitomu ya dziko lake, kulipira msonkho ndi kutsitsa katunduyo. Pakanalembedwa CPT Blantyre nkhani ikanavuta. Pa CPT wogulitsa amalipirabe mayendedwe mpaka ku Blantyre, koma amaonedwa kuti wapereka katundu tsiku lomwe wamusiya m'manja mwa kampani ya mathiraki. Zonse ziwiri zimatchula Blantyre, n'chifukwa chake ambiri timasokonezeka, koma pa CPT kuchedwa kwa m'njira sungamuwerengere wogulitsa mosavuta.

Malamulo amenewa sanena za chipukuta misozi cha kuchedwa. Chimenecho chimachokera mu mgwirizano wanu. Changa ndinachipeza m'timalemba ting'onoting'ono kumapeto kwa chikalata chovomereza oda chija. Ndime 9 inkati katundu akachedwa, wogula achotseredwa 1 peresenti ya mtengo pa sabata iliyonse yathunthu, osapitirira 10 peresenti, ndipo dandaulo lifike molemba pasanathe masiku 14 katundu atalandiridwa. Ndime yomweyo inkakana kulipira phindu lomwe wogula wataya. Choncho tsamba lonse la makasitomala othawa lija linapita m'bini, ngakhale ndi lomwe linkandipweteka kwambiri.

Kuchokera pa 15 Novembala mpaka pa 10 Januwale ndi masiku 56, masabata 8 ndendende. Ndinafuna kulemba 8 peresenti, marandi 9,920. Bambo aja anandikumbutsa zomwe ndinkafuna kuiwala. Thiraki itadutsa ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, inafika pachipata cha Mwanza pa 6 Januwale, n'kuima pamenepo chifukwa ine ndinachedwa kupeza ndalama za msonkho. Mwanza ndi Blantyre ndi ulendo wa maola ochepa, ndiye zikanayenda bwino katundu akanatsitsidwa pa 7. Masiku atatu enawo anali anga, ndipo madeti ake ali pa mapepala a kasitomu omwe dalaivala wawo anawaona. Mpaka pa 7 Januwale ndi masiku 53, masabata athunthu 7, ndiye kuti 7 peresenti ya marandi 124,000, yomwe ndi marandi 8,680. Ndinaluza marandi 1,240 podziulula ndekha, koma ndinawatsekera khomo lomwe akanathawira.

Kalata yachiwiri inakwana tsamba limodzi. Ndinailemba m'Chingerezi pa pepala la dzina la shopu yanga, ndipo sindinalembere mnyamata wa zamalonda uja. Iye sangatulutse kirediti noti, chikalata chochepetsa ngongole yanga, komanso kuchedwaku kunali manyazi ake omwe. Ndinalembera mkulu woona za maakaunti, dzina lake ndinalitenga pansi pa invoisi, mnyamatayo n'kungomupatsa kope. Pamutu ndinaika nambala ya oda, nambala ya invoisi, ndi mawu oti ndikudandaula za kuchedwa kwa katundu ndipo ndikupempha kirediti noti. Munthu wa maakaunti amafufuza ndi manambala, dzina la shopu yako salidziwa.

Ndime yoyamba inanena pempho nthawi yomweyo, kuti ndikupempha kirediti noti ya marandi 8,680 pa invoisi yakutiyakuti, malinga ndi ndime 9 ya mgwirizano. Yachiwiri inali madeti okhaokha motsatana: dipoziti inalowa pa 18 Okutobala, katundu anayenera kufika pa 15 Novembala, thiraki inafika ku Mwanza pa 6 Januwale, katundu anatsitsidwa pa 10 Januwale. Pambali pa deti lililonse ndinatchula pepala lomwe likuchitira umboni. Yachitatu inaonetsa masamu aja, ndipo ndinanena poyera kuti masiku atatu a pachipata sindikuwawerenga chifukwa anali a mbali yanga. Mawu oti "mwandinamiza" kapena "mulibe chilungamo" munalibemo ngakhale amodzi. Ndinangolemba kuti kufikira tsiku limenelo sindinalandire chidziwitso cholembedwa chosintha tsiku lofikira katundu, zomwe zinali zoona.

Panali chiganizo china chomwe bambo aja anaumirira, choti kulandira kwanga katunduyo sikukutanthauza kuti ndasiya ufulu wanga wodandaula za kuchedwa. Anandidzudzulanso kuti tsiku lotsitsa katundu ndinasaina pepala la dalaivala osalembapo kalikonse. Ndikanalemba ndi dzanja pamenepo kuti katundu walandiridwa mochedwa, ndi deti lake, umboni ukanayambira pomwepo.

Ndime yomaliza ndi yomwe ndinaiganizira nthawi yaitali. Kirediti noti si ndalama zobwera ku akaunti yako. Ndi chikalata chomwe wogulitsa amatulutsa chochepetsa ngongole yako m'mabuku mwake. Ngati unalipira kale zonse, imangokhala m'mabukumo kudikira oda ina, ndipo umakhala womangika kugulanso kwa anthu omwe anakukhumudwitsa. Ine mwayi wanga unali woti ndinali ndisanalipire marandi 62,000 otsala, oyenera kulipiridwa pofika 9 Febuluwale. Ndinalemba kuti kirediti notiyo ichotsedwe pa invoisi yomweyi, ikhale m'marandi, ndipo ndidzalipira marandi 53,320 pa tsiku lake. Mtima unkandiuza kuti ndigwire ndalama zonse mpaka atagonja. Koma ukakana kulipira ngakhale gawo lomwe palibe mkangano, wophwanya mgwirizano umakhala iwe, ndipo amayamba kukuwerengera chiwongoladzanja. Ndinawapatsa mpaka pa 24 Januwale kuti ayankhe.

Ndinasaina, n'kuisandutsa PDF pamodzi ndi mapepala asanu a umboni, lililonse ndi nambala yake, n'kutumiza pa imelo pa 14 Januwale. Ndinaimbanso foni kuofesi yawo kufunsa ngati yafika, n'kulemba dzina la amene anayankha.

Yankho linabwera patatha masiku asanu ndi limodzi, laulemu kwambiri. Anati iwo katundu anamupereka kwa a mathiraki pa 12 Disembala, ndipo katunduyo anakhala kudepoti ya a mathirakiwo kudikira kuti thiraki idzaze, kenaka tchuthi cha Khirisimasi chinalowerera. Choncho, iwo amati, kuchedwa kwawo kunali masiku 27 okha, masabata athunthu atatu, marandi 3,720. Anawonjezera kuti "pofuna kusunga ubale" adzandichotsera 5 peresenti pa oda yotsatira.

Apa ndi pomwe zilembo zitatu zija zinagwira ntchito. Ndinayankha ndi mizere yochepa: invoisi yanu ikuti DAP Blantyre, kampani ya mathiraki munaisankha ndi kuilipira ndinu, choncho tsiku lowerengera ndi lofika ku Blantyre osati lochoka m'nyumba yanu yosungira katundu. Za tchuthi ndinangoti 15 Novembala inadutsa kusanatsekedwe kulikonse. Za oda yotsatira ndinathokoza, n'kunena kuti imeneyo ndi nkhani ina yomwe tingakambirane invoisi iyi ikatha. Sindinabwereze madandaulo ena alionse, ndinangomatanso kalata ya tsamba limodzi ija.

Pa 28 Januwale kirediti noti inafika, ya marandi 8,680. Ndinatsala pang'ono kuisunga mufayilo osaiwerenga. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti sinatchule nambala ya invoisi yanga, ndipo pansi panali mzere woti idzagwira ntchito pa zogula za mtsogolo. Kaya kunali kulakwitsa kaya dala, ndikanalipira marandi 53,320 ndi pepala limenelo, mabuku awo akanaonetsabe kuti ndili ndi ngongole ya marandi 8,680 pa invoisi yakale. Ndinaibweza tsiku lomwelo, ndipo yokonzedwa inabwera mawa lake, pamodzi ndi sitetimenti ya akaunti yanga yomwe ndinapempha, yoonetsa marandi 53,320 ngati ngongole yotsala.

Kubanki, mtsikana wa pa desiki ya ndalama zakunja anafunsa chifukwa chomwe ndikutumizira ndalama zosiyana ndi zotsala pa invoisi. Ndinamupatsa kirediti notiyo, anaijambula n'kuiphatikiza ku invoisi ndi mapepala a kasitomu. Msonkho wokha ndinali nditalipira kale pa mtengo wonse wa marandi 124,000, ndipo sindinautsatire. Masipuleya 170 akadali m'mashelefu kuseri kwa shopu, kudikira mvula ya chaka chino.